Olankhula Chichewa ndi angati? Zomwe Kasungu ikuphunzitsa pa kawerengedwe ka ziyankhulo

Munthu amene wakwera minibasi pa mlatho wa Bua kulowera kumpoto mumsewu wa M1 amadutsa m'boma la Kasungu akumva chiyankhulo chikusintha pang'onopang'ono. Pa Chinkhoma, pomwe pali msika wa fodya, malonda ambiri amayenda m'Chichewa. Pa boma penipeni Chichewa chomwecho ndicho chimalamula, ngakhale Chitumbuka sichisowa m'magolosale ndi m'madepoti. Akafika pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya, moni wa Chitumbuka amayamba kumveka kawirikawiri, ndipo pofika pa Jenda, m'malire ndi Mzimba, Chitumbuka chimakhala chatenga malo. M'maesiteti a fodya omwe ali m'mbali mwa msewuwu muli mabanja ochokera ku Phalombe, Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi, omwe adabwera ndi Chiyao kapena ndi kalankhulidwe ka kummwera. Palibe chikwangwani chosonyeza pomwe chiyankhulo china chathera ndi pomwe china chayambira.

Komabe mabuku amafuna manambala. Wina amalemba kuti olankhula Chichewa m'Malawi ndi 6 miliyoni, wina 7 miliyoni, wina 10 miliyoni, ndipo wina amafika pa 12 miliyoni. Pa dziko lonse lapansi, ena amati ziyankhulo zilipo 6,000 pomwe ena amati zimaposa 7,000. Nthawi zambiri palibe amene wanama. Aliyense amakhala kuti wayankha funso lake, ndipo mafunsowo ndi osiyana.

Mndandanda wa ziyankhulo womwe umatchulidwa kwambiri ndi wa Ethnologue, womwe umasindikizidwa ndi bungwe la SIL International. Buku loyamba lidatuluka m'chaka cha 1951 ndipo lidali ndi ziyankhulo 46 zokha. M'zaka zaposachedwapa mndandandawu wakhala ukusonyeza ziyankhulo zamoyo zoposa 7,100. Ziyankhulo sizidaswane m'zaka 70 zimenezi. Kunena zoona zambiri zakhala zikutha. Chomwe chidakula ndi kafukufuku, komanso chizolowezi chogawa pawiri kapena patatu chomwe kale chinkalembedwa ngati chiyankhulo chimodzi. Mndandanda wina wodalirika ndi wa Glottolog, wosungidwa ndi akatswiri a ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig ku Germany. Iwo amafuna umboni wolembedwa asanavomereze kuti chiyankhulo chilipo ndipo ndi chosiyana ndi chinzake, komanso amasunga ziyankhulo zomwe zidatha kale. Choncho manambala a mindandanda iwiriyi safanana, ngakhale yonse ikunena za dziko limodzi lomweli.

Gwero la kusiyanaku ndi funso lomwe limaoneka laling'ono: kodi malankhulidwe awiri ofanana ndi ziyankhulo ziwiri, kapena ndi nthambi ziwiri za chiyankhulo chimodzi? Yankho lake limasintha chiwerengero chonse. Chiluya, mwachitsanzo, ena amachiwerenga ngati chimodzi, pomwe mndandanda wa ISO 639-3, womwe umapereka chizindikiro cha malembo atatu ku chiyankhulo chilichonse, umachigawa m'ziyankhulo pafupifupi 30.

Mndandanda womwewo ukafika kuno umaonetsa zinthu zodabwitsa. Chisena chili ndi zizindikiro ziwiri, swk cha ku Malawi ndi seh cha ku Mozambique. Chilomwe nachonso chili ndi ziwiri, lon ndi ngl. Koma Chichewa cha ku Kasungu, Chinyanja cha ku Chipata ndi Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja ku Niassa zonse zili pa chizindikiro chimodzi, nya. Malire a mayiko adagawa ziyankhulo zina papepala n'kusiya zina zili zathunthu. Kulinso msampha wa mayina: Chitonga cha ku Nkhata Bay, tog, ndi Chitonga cha kummwera kwa Zambia, toi, n'zosiyana kwambiri, ndipo wolemba amene angaphatikize olankhula awo chifukwa cha dzina wasokoneza anthu omwe sangamvane.

Akatswiri ali ndi njira zoyezera kuyandikana kwa ziyankhulo. Yoyamba ndi kuyerekeza mawu a tsiku ndi tsiku omwe sabwerekedwa kawirikawiri, monga ziwalo za thupi, moto ndi madzi. Mndandanda wodziwika, womwe adaukonza Morris Swadesh, uli ndi mawu 100 kapena 200. Mawu khumi okha ndi okwanira kuonetsa momwe ntchitoyi imayendera pakati pa Chichewa ndi Chitumbuka. Munthu, moto, mutu ndi mwana ndi amodzimodzi konsekonse. Madzi ndi maji, mvula ndi vula, diso ndi jiso: apa katchulidwe kasintha koma tsinde ndi limodzi, ndiye amawerengedwa ngati ofanana. Galu ndi ntcheŵe, ndipo kulankhula ndi kuyowoya. Awa ndi osiyana. Latsala liwu loti mtengo, lomwe m'Chitumbuka ndi khuni. Wofufuza wina anena kuti mawuwa ndi osiyana. Mnzake akumbutsa kuti Mchewa ali ndi nkhuni, zomwe amakolezera moto, choncho tsinde lilipo ndithu. Woyambayo apeza mawu ofanana 7 mwa 10, wachiwiriyo apeza 8. Mawu khumi sangapereke chigamulo pa ziyankhulo ziwirizi, koma kusamvana kotereku kukabwerezedwa pa mawu 200 kumatha kukankhira malankhulidwe awiri mbali iyi kapena iyo ya mzere.

Njira yachiwiri ndi kuyesa kumvana. Wofufuza amajambula nkhani yaifupi kwa munthu wa dera lina, n'kukaimvetsera kwa anthu a dera lina, kenako amawafunsa mafunso kuti aone zomwe atolapo. Njirayi imagwira bwino pokhapokha omverawo akhale oti sadakumanepo ndi malankhulidwe omwe akuyesedwawo. Ku Kasungu munthu wotere ngosowa. Mwana wa kwa Kaluluma kapena kwa Simlemba amene kwawo amalankhula Chitumbuka amakumana ndi Chichewa kusukulu, pawailesi, kuchipatala ndi kumsika wa fodya. Akamva bwino nkhani ya m'Chichewa, sizikutsimikiza kuti ziyankhulo ziwirizi n'chimodzi. Zikungosonyeza kuti mwanayo adaphunzira chachiwiri. Chizindikiro chake n'chakuti kumvanako kumayenda mbali imodzi. Munthu wa kwa Santhe, kummwera kwa bomali, amene sadakhaleko kumpoto, amatola zochepa pa nkhani ya m'Chitumbuka kusiyana ndi zomwe mnzake wa pa Nkhamenya amatola pa nkhani ya m'Chichewa.

Pomwe kuyeza kwalekeza, eni chiyankhulo ndi andale amalowererapo. M'boma la Chitipa anthu amatchula mayina ambiri a ziyankhulo, koma kafukufuku wa Centre for Language Studies wa mu 2006 adapeza kuti ena mwa malankhulidwewo, monga Chisukwa, Chindali ndi Chilambya, ndi oyandikana kwambiri moti akhoza kuikidwa m'gulu limodzi. Wowerenga mayina apeza ziyankhulo zitatu pomwe wowerenga kumvana apeza chimodzi. N'chifukwa chake mabuku ena amati Malawi ili ndi ziyankhulo pafupifupi 12 pomwe ena amati 16 kapena kuposa apo.

Dzina loti Chichewa nalonso lili ndi mbiri yokhudza Kasungu mwachindunji. Chisanafike chaka cha 1968, mabuku a sukulu ndi a boma ankachitchula kuti Chinyanja. M'chaka chimenecho msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagwirizana kuti dzina likhale Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, motsogozedwa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, mbadwa ya ku Kasungu. Zambia ndi Mozambique zidasunga dzina loti Chinyanja. Kuyambira pamenepo chiyankhulo chimodzi chakhala chikuyenda ndi mayina awiri, ndipo mayina awiriwo akalowa pa fomu ya kalembera amabala manambala awiri.

Kuwerenga olankhula kumadalira kwambiri kalembera wa anthu, yemwe m'dziko muno amayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Vuto n'lakuti kalembera aliyense adafunsa funso lake.

Kalembera wa 1966 adafunsa za chiyankhulo cha pakhomo komanso za ziyankhulo zomwe munthu amamva. Zotsatira zidasonyeza kuti 50.2 peresenti ya anthu ankalankhula Chichewa kapena Chinyanja pakhomo, pomwe 76.6 peresenti ankachimva. Kalembera mmodzi, chiyankhulo chimodzi, koma manambala awiri otalikirana chotero. Chilomwe chidali chachiwiri ndi 14.5 peresenti, Chiyao chidapeza 13.8 ndipo Chitumbuka 9.1. Zitatero padadutsa zaka zoposa 30 dziko lisadaonenso chiwerengero chatsopano cha ziyankhulo za pakhomo.

Mu 1998 funso lidabwereranso, koma lidali lofuna chiyankhulo chomwe chimalankhulidwa kwambiri pabanja. Chichewa chidapeza 57.2 peresenti, ndipo Chinyanja, chomwe tsopano chidalembedwa pachokha, chidapeza 12.8. Chiyao chidali ndi 10.1, Chitumbuka 9.5, ndipo Chilomwe chidatsika kufika pa 2.4 peresenti. M'malipoti akuluakulu a 2008 ndi 2018, chomwe chimaoneka ndi mtundu wa munthu. Mu 2018 Achewa adali pafupifupi 34 peresenti, Alomwe pafupifupi 19, ndipo Angoni pafupifupi 10.

Manambala a Alomwe ndi oyenera kuwayang'ana kawiri: 14.5, kenako 2.4, kenako pafupifupi 19. Alomwe sadasamuke mu 1998 n'kubwerera mu 2018. Nambala yoyamba ndi yachiwiri zikunena za chiyankhulo, ndipo kutsikako kukusonyeza mabanja ambiri omwe adasiya Chilomwe n'kutenga Chichewa, ngakhale kusiyana kwa funso kungakhale kudathandizirapo. Nambala yachitatu ikunena za mtundu, womwe munthu amausunga ngakhale chiyankhulo cha makolo ake atachiiwala. Angoni ali chimodzimodzi: a ku Ntcheu, Dedza ndi Mchinji ambiri amalankhula Chichewa, a ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, ndipo olankhula Chingoni chenicheni ndi ochepa kwambiri. Wolemba amene angatenge chiwerengero cha mtundu n'kuchitcha chiwerengero cha olankhula amapatsa Chingoni anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka omwe sachilankhula.

Banja limodzi longoyerekeza likhoza kuonetsa momwe zimenezi zimachitikira pakhomo. Bambo adabadwira ku Phalombe, ndi Mlomwe, koma adakula akulankhula Chichewa ndipo Chilomwe amangodziwa moni ndi mawu owerengeka. Adabwera kudzalima fodya pa esiteti ina chakumpoto kwa Kasungu, komwe adakwatira. Mayi adakula akulankhula Chitumbuka, koma akafunsidwa mtundu amati ndi Mchewa, zomwe sizachilendo m'dera lomwe Achewa ndi Atumbuka akhala akukwatirana kwa mibadwo yambiri. Ali ndi ana atatu. Pankhomaliro banja lonse limalankhula Chichewa chifukwa bambo Chitumbuka sachitha. Ana awiri aakulu amalankhula Chitumbuka ndi agogo awo komanso ndi anzawo kudambo, pomwe wamng'ono sadachigwire.

Wolemba kalembera atafunsa funso la 1998, banjali lipereka anthu asanu ku Chichewa. Chitumbuka sichipezapo aliyense, ngakhale mayi amachilankhula tsiku lililonse akapita kumjigo. Atafunsa chiyankhulo chomwe munthu adayamba kuphunzira ali mwana, Chichewa chipeza anayi ndipo Chitumbuka mmodzi, kapena atatu ngati mayi ankawalera ana aakuluwo m'Chitumbuka. Atafunsa ziyankhulo zonse zomwe munthu angathe kulankhula, Chichewa chipeza asanu ndipo Chitumbuka atatu, zomwe zikupanga olankhula 8 m'nyumba ya anthu asanu. Palibe cholakwika pa masamuwa, chifukwa munthu mmodzi amawerengedwa kawiri. N'chifukwa chake kuphatikiza olankhula ziyankhulo zonse za dziko lapansi kumapereka nambala yoposa anthu omwe alipo. Pomaliza, atafunsa za mtundu, apeza Mlomwe mmodzi ndi Mchewa mmodzi, ndipo ana atatuwo apita komwe woyankhayo wawaika. Achewa ndi Alomwe amatsata kwa mayi, Atumbuka ambiri amatsata kwa bambo, ndipo banja losakanizika limatha kuyankha mulimonse. Pa funso limeneli Chitumbuka chasowanso, ndipo Chilomwe chapeza munthu amene sachilankhula.

Nyumba imodzi yapereka mayankho anayi. Boma la Kasungu lidali ndi anthu oposa 840,000 mu 2018, ndipo nyumba zotere si zosowa.

Tsopano manambala a kumayambiriro aja akhoza kulondoledwa komwe adachokera. Mu 1998 dziko lino lidali ndi anthu 9,933,868. Kutenga 57.2 peresenti ya chiwerengerochi kumapereka anthu pafupifupi 5.7 miliyoni, omwe ndi olankhula Chichewa popanda omwe adati Chinyanja. Kuphatikiza 57.2 ndi 12.8 kumapereka 70 peresenti, yomwe ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni. Mu 2018 anthu adafika pa 17,563,749. Wolemba amene akufuna nambala yatsopano amatenga peresenti yakale n'kuiika pa chiwerengero chatsopano: 57.2 peresenti imamupatsa 10 miliyoni, ndipo 70 peresenti imamupatsa 12.3 miliyoni. Wina amangotenga chiwerengero cha Achewa monga mtundu mu 2018, chomwe ndi pafupifupi 6 miliyoni. Manambala onsewa achokera ku ofesi imodzi yomweyo ya ku Zomba.

Mwa onsewa, wofooka kwambiri ndi wa 6 miliyoni, chifukwa akusiya kunja Alomwe, Angoni ndi Amang'anja ambiri omwe Chichewa ndicho chiyankhulo chawo cha pakhomo. Wa 12.3 miliyoni ali pafupi ndi zoona za lero, koma wayima pa ganizo loti m'zaka 20 palibe chidasintha: kuti mabanja a ziyankhulo zonse adabereka mofanana, ndiponso kuti palibe banja lidasiya chiyankhulo china n'kutenga chinzake. Nkhani ya Chilomwe yaonetsa kale kuti ganizo limeneli silodalirika. Ndiponso palibe nambala ngakhale imodzi mwa izi yomwe ikuwerenga anthu omwe amalankhula Chichewa ngati chiyankhulo chachiwiri, monga Myao wa ku Mangochi kapena Mtumbuka wa ku Rumphi amene amachigwiritsa ntchito kumsika ndi kuntchito. Gulu limeneli ndi lovuta kuwerenga kuposa onse, chifukwa palibe muyeso umodzi wa kudziwa chiyankhulo. Wotha kutsutsana mtengo wa belo pa Chinkhoma ndi wotha kulalikira ola lathunthu onse akhoza kuyankha kuti amachidziwa.

Pali zinanso zing'onozing'ono zomwe zimasuntha manambala. Choyamba ndi mndandanda wa mayankho omwe ali pa fomu. Mu 2008 odzitcha Anyanja adali 5.8 peresenti, mu 2018 adatsika kufika pochepera 2 peresenti, pomwe Amang'anja adaoneka paokha ndi pafupifupi 3 peresenti. Anthu ake ndi omwewo, koma bokosi lidawonjezeka. Ku India, komwe munthu amaloledwa kutchula dzina lililonse, kalembera wa 2011 adalandira mayina 19,569 a ziyankhulo. Akatswiri atawasanja adatsala 1,369, ndipo ziyankhulo zomwe zidasindikizidwa, zokhala ndi olankhula 10,000 kapena kuposa, zidali 121. Atatu onsewa amapezeka m'mabuku ngati chiwerengero cha ziyankhulo za ku India.

China ndi woyankha. Wolemba kalembera salankhula ndi aliyense m'nyumba. Amafunsa mutu wa banja kapena wamkulu amene wapezeka. M'banja la pa esiteti lija, yankho la bambo ndi la mayi likhoza kusiyana. Chiyankhulo chomwe wofunsayo wayambira moni nachonso chimatha kukoka yankho, makamaka kwa munthu amene amaona kuti chiyankhulo chake n'chonyozeka, kapena amene sakufuna kudziwika kuti ndi wobwera.

Nthawi nayo ili ndi gawo lake m'dera la fodya. Kalembera wa 1998 ndi wa 2018 adachitika mu Seputembala, pomwe wa 2008 adachitika mu Juni. Mu Juni msika wa fodya umakhala uli pakati ndipo ogwira ntchito ambiri amakhala akadali pa maesiteti kusankha ndi kudinda mabelo. Pofika Seputembala ena amakhala atalandira zawo n'kubwerera kwawo, ena asamukira pa esiteti ina, ndipo atsopano amakhala akungofika kumene kudzayamba nazale. Pa chiwerengero cha dziko lonse izi sizisintha kanthu, popeza munthuyo amawerengedwabe kwinakwake. Koma pa chiwerengero cha olankhula Chiyao m'boma la Kasungu, mwezi womwe wolemba kalembera wafika pakhomo ukhoza kusintha nambala.

Wofuna chiwerengero cha olankhula Chichewa pa dziko lonse ayenera kuoloka malire, ndipo kumeneko mavuto omwewa amawirikiza. Kalembera wa ku Zambia wa 2010 adafunsa za chiyankhulo chomwe munthu amagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo adalemba Chinyanja ndi Chichewa padera: Chinyanja pafupifupi 15 peresenti, Chichewa 4.5 peresenti. Gawo lalikulu la Chinyanjacho ndi cha mumzinda wa Lusaka, chomwe chidatenga mawu ambiri ku Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, moti akatswiri ena amachiona ngati chinthu chapachokha. Ku Mozambique kalembera wa 2017 adafunsa za chiyankhulo chomwe munthu adayamba kuphunzira, kwa anthu a zaka zisanu kapena kuposa, ndipo Chinyanja chidapeza pafupifupi 8 peresenti. Wophatikiza manambala atatuwa akuphatikiza chiyankhulo cha pabanja cha 1998, chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha 2010 ndi chiyankhulo cha ubwana cha 2017, ndipo m'chomalizachi ana aang'ono mulibe. Zidzukulu za Amalawi omwe adapita kumigodi ndi kumafamu a ku Zimbabwe, komwe malamulo aakulu a dzikolo a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, mabuku ena amaziwonjezera ndipo ena amazisiya.

Malawi yakhala ikuchita kalembera pakatha zaka khumi zilizonse, kutanthauza kuti wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Pofika chaka chimenecho, 70 peresenti yomwe mabuku ambiri amadalira idzakhala itakwanitsa zaka 30, ndipo anthu ambiri omwe ikuwawerenga adzakhala oti adabadwa funsolo litafunsidwa kale.